Munda wochotsamo mtedza: kodi chimanga chake chifunanso yureya?

Bambo a Tadala: Moni nonse. Ndili ndi ekala imodzi ku Mchinji kuno, munali mtedza wa CG7, takumba sabata yatha ndipo uli pa milu ya mandela kuuma. Dzinja likubwerali ndikufuna kudzalamo chimanga. Anthu amati mtedza umasiya feteleza m'nthaka. Ndiye funso langa nali: ndigule wokulitsa yekha, yureya ndimusiye? Mitengo yake mukuidziwa nokha.

Nabanda: Musagule. Mtedza uli ndi timibulu kumizu, timeneto ndiye feteleza. Tikaola m'nthaka chimanga chimadya zomwezo. Ku dera kwathu chimanga cha pamtedza chimachita kuda bii.

Alangizi Opuma: Mayi Nabanda, zakuti chimanga cha pamtedza chimabiriwira mwanena zoona, koma pa timibulupo tikonzeko pang'ono. Timibulu tija si thumba losungiramo feteleza ayi, ndi khitchini. Mkati mwake mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa laizobiyamu, timene timatenga nayitirojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya chimene mbewu ingathe kumwa. Mpweya umene tikupumawu, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitirojeni, koma chimanga sichitha kumugwira. Mtedza umalipira tizilomboti ndi shuga wochokera kumasamba, ito n'kumaubwezera nayitirojeniyo. Tsono zophikidwazo sizikhala m'khitchinimo. Zimakwera tsiku lomwelo kupita ku masamba ndi nthambi, ndipo mtedza ukayamba kukhwima zambiri zimasamukira mu njere. Pofika tsiku lokumba, m'timibulu mwatsala zochepa zedi. Chuma chili mu njere zimene mukukagulitsa ndi m'masangwi amene ali pa mandelawo.

Bambo a Tadala, ndisanayankhe za yureya ndiuzeni: mukathothola, masangwi apita kuti?

Bambo a Tadala: Kawirikawiri timathotholera kunyumba chifukwa cha akuba. Masangwi mbuzi zimadya, otsala timatentha.

Alangizi Opuma: Ndiye yureya amene mukufuna kupulumutsayo mukumunyamula nokha pangolo kuchoka naye kumunda. Tiyeni tiwerengere limodzi, ndi manambala ongoyerekeza a ekala yochita bwino ndithu.

Tinene kuti mwapeza makilogalamu 400 a mtedza wosenda. Mu njere za mtedza, nayitirojeni amakhala pafupifupi magawo 4 pa 100, ndiye kuti makilogalamu 16 akupita kumsika. Masangwi ouma a ekala yotereyi angafike makilogalamu 800, ndipo mwa iwo nayitirojeni ndi pafupifupi magawo 2 pa 100, amenenso ndi makilogalamu 16. Kuphatikiza, 32. Tsono si onse 32 amene achokera mumpweya. Mtedza wa timibulu tabwino umatenga mwina magawo awiri mwa atatu kumpweya, gawo lotsalalo umayamwa m'nthaka ngati mbewu ina iliyonse. Choncho 21 kapena 22 ndi a mumpweya, 10 kapena 11 ndi a munda wanu.

Onani tsopano. Mukachotsa njere zokha, mwatulutsa 16 pamene mumpweya mudalowa 21 kapena 22. Munda wapindula makilogalamu 5 kapena 6. Mukachotsanso masangwi, mwatulutsa onse 32, ndipo munda waluza 10 kapena 11 ake aja. Mizu ndi masamba oyoyoka zimabwezako pang'ono ndithu, sindikuzikana, koma sizingafanane ndi masangwi.

Chisale wa ku Mitundu: Ndiye pamenepa phindu lake ndi 5 basi? Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi nayitirojeni 23. Apa sitinafike n'komwe pa kota ya thumba. Nanga mbiri yonseyi ya kasinthasintha ichokera kuti?

Alangizi Opuma: A Chisale, musayang'ane 5 yekhayo. Yerekezani ndi munda wa pafupi umene munali chimanga. Kumeneko nthaka yangotulutsa, palibe cholowa, ndipo chotsala ndi mapesi. Mapesi ali ndi nayitirojeni wochepa kwambiri, mwakuti tizilombo towoletsa zinyalala tikawagwira timayamba tabwereka nayitirojeni wa m'nthaka kuti tithe kuwadya. N'chifukwa chake chimanga chodzalidwa pokwirira mapesi ambiri chimayamba ndi chikasu. Masangwi sachita ngongole yotereyi. Amaola msanga n'kutulutsa 16 wawo uja, amene ali ngati makilogalamu 35 a yureya. Chimanga sichimwa onse chaka choyamba, mwina gawo limodzi mwa atatu kapena kucheperapo, otsalawo ena amakokoloka ndi madzi, ena amakhalira m'nthaka kudzathandiza zaka zotsatira.

Komanso kubiriwira kumene akunena Mayi Nabanda si kwa nayitirojeni yekha. Kaufiti sayamwa pamizu ya mtedza, ndiye chaka chimenecho sabereka njere zatsopano. Matenda a chimanga otsalira m'mapesi nawonso amasowa pogwira. Izi zimaoneka pazokolola ngakhale masangwi mwachotsa, ndipo n'zimene zimapusitsa anthu kuti nthaka yanenepa pamene yangopuma.

Nabanda: Chabwino a Alangizi, ndamva. Koma ine ndimaonabe kuti pamtedza ndi pamtedza, masangwi kaya alipo kaya palibe.

Mlimi wa ku Dedza: Pepani ndilowerere ndi za nyemba. Ife timadzala nyemba pakati pa chimanga, mzere womwewo. Si ndiye kuti chimangacho chikudya nayitirojeni wa nyembazo pompo? Bwanji osangotero m'malo modikira chaka chathunthu?

Mayi Gondwe: Ayi achimwene, nyemba ikadali yamoyo sigawira mnzake. Zimene yaphika imadya yokha, chodontha kupita ku chimanga n'chochepa moti simungachiwerengere. Chimanga chimadzapeza kanthu pokhapokha masamba ndi mizu ya nyembayo zitaola, ndipo pamenepo chimanga cha chaka chimenecho chakhwima kale. Kuphatikiza kuli ndi ubwino wake, mumapeza ndiwo ndi nsima pamunda umodzi, koma musachepetse feteleza wa chimanga poganiza kuti nyemba zikuthirirani.

Ndipo tinene mosabisa, pa nkhani ya nayitirojeniyi nyemba ndi mwana wamng'ono. Zimakhala m'munda miyezi itatu yokha, timibulu take timachedwa kuyamba ntchito n'kufulumira kufa, ndipo kawirikawiri nayitirojeni wa mumpweya safika theka la zimene nyembayo yadya. Tsono onani mmene timakololera. Masamba timathyola khwanya akadali anthete. Zikauma timazula ndi mizu yomwe, kumanga mitolo, kukamenyera pabwalo. Makoko ndi mitengo yake sizibwerera kumunda. Pamenepo chatsala n'chiyani? Pa nyemba, kunena kuti sizidya nthaka kwambiri ngati chimanga n'zoona. Kunena kuti zimanenepetsa nthaka ndiye kuwonjezera.

Mlimi wa ku Dedza: Nanga kuzidula pansi ndi chikwakwa m'malo mozula?

Mayi Gondwe: Zimathandiza, mizu ndi timibulu zimatsala. Koma chachikulu n'kubweza zomenyera zija, kaya mwachindunji kaya kudzera pa mulu wa kompositi. Ngati cholinga chanu n'kukonza nthaka, mtedza, soya ndi nandolo zili patsogolo, nyemba pambuyo. Nandolo ndiye amaposa chifukwa amakhala m'munda mpaka chilimwe, akuyoyola masamba pansi pamene mbewu zina zidachoka kale.

Chisale wa ku Mitundu: Kubwerera kwa Bambo a Tadala. A Alangizi mwawerengera ngati kuti timibulu tidagwira ntchito. Nanga ngati sitidagwire? Minda ina mtedza umakhala wachikasu chiyambire.

Alangizi Opuma: Apo mwagunda pamutu. Ngati timibulu sitidagwire ntchito, onse 32 aja achokera m'nthaka, ndipo mtedzawo wadya munda mofanana ndi chimanga. Kuyeza kwake n'kosavuta ndipo sikulira ndalama, koma kumachitika mbewu ikadali m'munda, pa masabata 5 kapena 6 itamera, maluwa akuyamba. Kwa Bambo a Tadala chaka chino zadutsa, adzachite pa mtedza wotsatira.

Sankhani mapando khumi m'malo osiyanasiyana, osati m'mphepete mokha. Kumbani ndi khasu mozungulira, musazule ndi dzanja, chifukwa timibulu timathothoka n'kutsalira m'dothi, inu n'kuganiza kuti kulibe. Viikani mizuyo mu ndowa ya madzi dothi lisungunuke lokha. Pa mtedza timibulu timakhala ting'onoting'ono ngati njere za mapira, tambirimbiri, tondondozana pa muzu waukulu ndi timizu ta m'mbali. Pa nyemba timakhala tokulirapo, tozungulira, tocheperapo. Tengani kamodzi mukadule pakati ndi lezala kapena kukaphwanya ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mofiira ngati nyama yaiwisi, khitchini ikuphika. Mukakhala moyera, n'kutheka kuti kakadali kakang'ono, bwererani pakatha sabata. Mukakhalabe moyera, tizilombo talowamo koma sitikugwira ntchito. Mobiriwira kapena mwakuda ndiye kuti kakalamba kapena kafa. Mukaona zobiriwira mbewu itatsala pang'ono kukhwima musadandaule, ndi nthawi yake. Pa maluwa ndiye vuto.

Mayi a Dimba: Zofiirazo ndimaziona ngati matenda ine! Pa tomato wanga mizu imatupanso chimodzimodzi ndipo mbewu imafota masana. Si zomwezo?

Mayi Gondwe: Si zomwezo mayi, ndipo kusiyanitsa n'kofunika kwa inu a kudimba. Tomato sapanga timibulu ta nayitirojeni, zotupa zimenezo ndi za tinyongolotsi ta m'mizu, tija amati nematodi. Kasiyanitseni chonchi: kambulu kabwino kamamatirira pambali pa muzu, mukakakankha ndi chala kamathothoka, muzu n'kutsala wosalala. Chotupa cha nematodi ndi muzu weniweniwo umene wafufuma ngati mkanda, simungachichotse osadula muzu, ndipo mkati mwake simufiira.

Choipa n'chakuti nematodi zomwezo zimakonda nyemba. Ndiye ngati bedi lili ndi vutoli, kusinthanitsa tomato ndi nyemba ndi kuzilera. Pamenepo ikani chimanga chachiwisi kapena anyezi kaye. Mukazula nyemba za pabedi lotere mudzapeza zonse ziwiri pa muzu umodzi, timibulu ndi zotupa.

Mayi a Dimba: Zikomo, ndiye kuti ndakhala ndikuzidyetsa. Nanga ndikachotsa kabichi n'kuikapo nyemba, kenako repu? Zimenezo zili bwino?

Mayi Gondwe: Pa matenda zili bwino, chifukwa kabichi ndi repu ndi banja limodzi ndipo nyemba yalowa pakati kuwalekanitsa. Pa nayitirojeni musayembekezere zambiri. Bedi la kabichi limakhala litathiridwa feteleza ndi manyowa ambiri, ndipo nyemba ikapeza chakudya chili chikhalire m'dothi sivutika n'kulipira tizilombo shuga wake. Timibulu timachepa kapena osapangika n'komwe. Idzabiriwira bwino, koma ikudya zotsala za kabichi. Si zoipa, yatola zimene madzi akanakokolola. Kuti repu apindule, mukathyola zitheba komaliza dulani mitengo ya nyembayo ikadali yaiwisi, muiduledule, muikwirire pang'ono m'bedi, muthirire, mudikire masabata awiri kapena atatu musanawokere. Yaiwisi ili ndi nayitirojeni wambiri kuposa youma imene yapereka zonse ku njere. Koma repu ndi mpiru mumathyola sabata ndi sabata, zimadya kwambiri, manyowa mudzawonjezerabe.

Chinanso cha kudimba: madzi akadikha pabedi masiku awiri atatu, timibulu timabanika. Timafuna mpweya m'dothi. Kwezani mabedi.

Bambo a Tadala: Nanga chimalepheretsa timibulu kumunda wa kumtunda n'chiyani? Mtedza wanga mbali ya kumunsi udali wotumbuluka, wa kumtunda wobiriwira.

Alangizi Opuma: Ngati kumunsiko kumaima madzi mvula ikachuluka, yankho ndi lomwe apereka Mayi Gondwe. Ngati sikuima madzi, ganizirani zinthu ziwiri. Choyamba ndi fosiforasi. Ntchito yophika nayitirojeni imalira mphamvu zambiri, ndipo popanda fosiforasi timibulu timakhala tochepa, tating'ono. N'chifukwa chake mtedza umachita bwino ukatsatira chimanga chimene chidathiridwa wokulitsa: umatola fosiforasi wotsala. Kasinthasintha ameneyu amapita mbali zonse, chimanga chimasiyira mtedza fosiforasi, mtedza n'kusiyira chimanga nayitirojeni. Chachiwiri ndi dothi la asidi wambiri. Likatsika pansi pa 5.5 pa muyeso wa pH, tizilombo tija timavutika, mizu nayo sikula. Mankhwala ake ndi laimu, koma musathire mongoganiza, yezetsani dothi kaye. Ku Chitedze amayeza, ndipo alangizi a kwanuko angakuuzeni katengedwe ka dothilo.

Chimene musachite n'kuthira yureya pa mtedza wotumbuluka. Udzabiriwira inde, koma mwatseka khitchini, mwagula ndi ndalama chimene mukanapeza ulere, ndipo umangochulukitsa masamba.

Chisale wa ku Mitundu: Ine ndimamva kuti jipisamu ndiye feteleza wa mtedza. Ameneyo sawonjezera nayitirojeni?

Alangizi Opuma: Ayi, mulibe. Jipisamu ndi wa kashiamu ndi salufa, amathiridwa pa maluwa kuti makoko asakhale mphwephwa. Nkhani ina imeneyo.

Mlimi wa ku Dedza: Nanga inokulanti uja wa m'timapaketi, wa tizilombo ta timibulu topaka ku mbewu? Wa soya ndingapake ku nyemba?

Mayi Gondwe: Musatero, mungotaya ndalama. Mbewu iliyonse ili ndi mtundu wake wa tizilombo umene imagwirizana nawo, wa soya salowa mu nyemba. Soya ndiye amafunikiradi inokulanti, makamaka m'munda umene sanalimidwemo. Mtedza suvuta, umagwirizana ndi tizilombo topezeka kale m'nthaka zathu zambiri. Nyemba zili ndi inokulanti wakewake, pena amathandiza pena ayi, ndipo amaoneka phindu pokhapokha fosiforasi alipo. Mukagula, kumbukirani kuti m'paketimo muli zamoyo: onani tsiku lothera ntchito, musaisiye padzuwa, pakani mbewu pamthunzi, dzalani tsiku lomwelo m'dothi lachinyezi, ndipo mbewu yopakayo isagundane ndi feteleza m'phando.

Bambo a Tadala: Ndamva. Ndiye masangwi ndibweze kumunda. Koma pano ndi Meyi, mvula ndi Novembala kapena Disembala. Miyezi yonseyi mbuzi zili pa mtayo, anyamata osaka mbewa ndi moto wawo. Adzatsala?

Alangizi Opuma: Pamwamba sadzatsala. Wojekani. Mukangothothola, yalani masangwi m'makwawa, pakati pa mizere yakale, n'kugwetsera dothi la mizereyo pamwamba pake dothi likadali lofewa. Pamene pali masangwipo ndi pamene padzakhale mzere watsopano, ndiye chimanga chidzakhala pamwamba penipeni pa chakudya. Mbuzi sizifika, moto sufika. Ndipo za moto ndinene momveka: mukatentha, nayitirojeni amapita ndi utsi, m'phulusa mumatsala potashi ndi zina koma iye mulibe.

Kenako dzalani ndi mvula yoyamba yokwanira. Masangwi akangonyowa amaola mofulumira, ndipo nayitirojeni wambiri amatuluka m'masabata oyambirira. Mukachedwa masabata atatu, mvula imamutsitsa pansi kumene mizu ya chimanga chaching'ono sifika. Ambiri amene amati kasinthasintha sadawathandize, mukafunsitsa mupeza adayamba kudzala minda ina, wa pamtedza n'kumalizira.

Mayi Gondwe: Apa a Alangizi ndisiyana nanu pang'ono. Kuwojeka mu Meyi dothi likadali ndi chinyezi kumayambitsa kuola nthawi isanakwane, chiswe nacho chimalowa, ndipo pofika Disembala gawo lina lapita. Komanso masangwi ndi chakudya chabwino kwambiri cha mbuzi ndi ng'ombe m'chilimwe, munthu woweta simungamuuze akwirire. Ine ndingati aumitse, asunge pa thandala pamthunzi, adyetse ziweto m'khola, manyowa adzapite kumunda womwewo.

Alangizi Opuma: Zikanakhala bwino manyowawo akanamabwereradi. Nayitirojeni wambiri amene mbuzi yadya amatuluka mu mkodzo, ndipo m'khola lopanda zogonera mkodzo umalowa pansi kapena kuuluka ndi dzuwa. Fungo loboola m'mphuno la m'khola lija ndi nayitirojeni akuthawa. Ndipo manyowa otsalawo kawirikawiri amathera kudimba ndi pamunda wa pakhomo, ekala ya kutali ija siona kanthu.

Mayi Gondwe: Ndiye vuto ndi khola, osati mbuzi. Ayale udzu kapena mapesi oduladula pansi kuti amwe mkodzo, khola likhale ndi denga, manyowa aunjikidwe n'kufunditsidwa. Akatero wapeza nyama ndi manyowa pa masangwi omwewo. Inde ena atayika panjira, koma a m'nthaka aja nawonso satsala onse.

Chisale wa ku Mitundu: Akuluakulu mwasiyana apa, ife titsate ziti?

Alangizi Opuma: Amene alibe khola labwino ndi ngolo awojeke. Amene ali nazo ayese za Mayi Gondwe. Ine ndikadali kumbali yowojeka.

Bambo a Tadala: Ngolo ndi yobwereka, khola lilibe denga. Ndiwojeka. Tsono yureya uja, ndigule kapena ayi?

Alangizi Opuma: Gulani, koma mutha kuchepetsa. Muyeso umene timaudziwa wa chimanga cha haibulidi ndi makilogalamu 92 a nayitirojeni pa hekitala, pa ekala ndi pafupifupi 37. Thumba limodzi la wokulitsa wa 23:10:5 limapereka 11 ndi theka, la yureya 23, pamodzi 34 ndi theka. Masangwi a ekala imodzi sangalowe m'malo mwa zonsezi. Wokulitsa thirani wonse, chifukwa muli fosiforasi, salufa ndi zinki zimene mtedza sutenga mumpweya, ndipo fosiforasi wotsalayo ndi amene adzadyetse mtedza wanu wotsatira. Pochepetsa ndi pa wobereketsa. Ngati masangwi onse abwerera ndipo mwadzala msanga, yambani ndi theka la thumba kapena kupitirirako pang'ono. Ngati masangwi sabwerera, thumba lonse.

Ndipo musangokhulupirira ine, munda wanu ukuuzeni. Pakati pa munda patulani mizere 10 muthire yureya muyeso wonse, mizere 10 yotsatira theka, ina 10 osathira, zina zonse mofanana. Khomani zikhomo, chifukwa pofika Epulo mudzakhala mutaiwala. Poyendera yang'anani masamba a m'munsi. Njala ya nayitirojeni imayambira kunsonga ya tsamba lakale, chikasu n'kumatsika motsata msempha wa pakati, m'mbali mukadali mobiriwira. Mukaona zimenezi pa mizere ya theka chimanga chisanafike m'chiuno, wonjezerani msanga munda wonse kupatula mizere yoyeserayo, chikamasula ngayaye mwachedwa. Pokolola, mizere iliyonse 10 ikhale ndi mulu wake, mutonole padera, muyeze pa sikelo osati ndi maso.

Nabanda: Mudzatiuze za mizere yosathirayo bambo. Ine ndaikira kumbuyo imeneyo.

Mlimi wa ku Dedza: Nanga phindu la masangwiwo limafika chaka chachiwiri cha chimanga, kapena abwererenso ku mtedza?

Mayi Gondwe: Chaka chachiwiri limakhala litazilala kwambiri, yureya abwerere pa muyeso wonse. Koma asathamangire kubweza mtedza pamalo omwewo chaka ndi chaka, matenda a mawanga a masamba amatsalira m'masangwi omwe tikuwakwirirawa. Papite zaka ziwiri kapena zitatu. Njira yosavuta n'kugawa munda patatu, mtedza uziyenda chigawo chimodzi chaka chilichonse, zigawo ziwiri chimanga. A ku Dedza inu, chigawo chimenecho chikhale cha mtedza kapena soya, nyemba zanu zipitirire m'chimanga monga mwa masiku onse.

Bambo a Tadala: Mawa ndikawauza anyamata athotholere kumunda konko, wina agone komweko kulondera. Makoko a mtedza tikasenda nawonso ndibweze?

Alangizi Opuma: Makoko ndi ouma ngati mapesi, nayitirojeni wake ndi wochepa ndipo amachedwa kuola. Ayaleni m'khola la mbuzi lija amwe mkodzo.